Nyimbo ndi imodzi, makope ndi atatu: musunge iti?

Aliyense amene anafufuzapo nyimbo ya Bob Marley ya "No Woman, No Cry" pa foni amadziwa zimene zimachitika. Dzina limatuluka kangapo, pena pali mawu akuti `Live`, pena `Remastered`, pena palibe chilichonse, ndipo kutalika kwake n'kosiyana. Wongofuna kumvera amadina iliyonse. Koma amene akusonkhanitsa nyimbo zoti azisunga, kaya pa zimbale, pa kompyuta kapena pa memori khadi, amafunika kusankha. Nyimbo imeneyi ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa mitundu yonse itatu ilipo, ndipo mbiri ya uliwonse ndi yodziwika.

Kodi mawu atatuwa, laivi, situdiyo ndi rimasita, amatanthauza chiyani kwenikweni?

Cholakwika chimene ambiri amayamba nacho ndi kuona mawuwa ngati magiredi atatu a chinthu chimodzi, ngati mmene ufa ulili wa mgaiwa, gramiru ndi woyera. Sizili choncho. Laivi ndi situdiyo ndi kuyimba kuwiri kosiyana, pa masiku osiyana, nthawi zina ndi anthu osiyana. Mu situdiyo zida zimatha kujambulidwa padera, woyimba amabwereza mpaka atakhutira, kenako katswiri amasakaniza mawu a zida zonse, ntchito imene amaitcha mikisi. Laivi ndi zimene zinajambulidwa gulu likuyimba pamaso pa anthu. Rimasita si kuyimba kwachitatu ayi. Nyimbo ikasakanizidwa imadutsa pa ntchito yomaliza, yoikonzera chimbale: kukweza kapena kutsitsa besi pang'ono, kuwalitsa mawu a pamwamba, kulinganiza kukwera kwa nyimbo zonse za m'chimbalemo. Rimasita ndi kubwereza ntchito yomalizayi patapita zaka, kuchokera pa tepi yomwe ija. Choncho pali rimasita ya nyimbo ya mu situdiyo, palinso rimasita ya nyimbo ya laivi. Mafunso ndi awiri, ndipo ayenera kubwera motsatizana: choyamba, ndikufuna kuyimba kuti? Chachiwiri, pa makope a kuyimba kumeneko, labwino ndi liti? Amene wayamba ndi funso lachiwiri amadzaza khadi ndi makope asanu a chinthu chimodzi, kwinaku akusowa china chimene chili chosiyanadi.

Si zoona kuti ya mu situdiyo ndiyo yeniyeni, ndipo laivi ndi yongowonjezera?

Pa nyimbo zambiri zili choncho, koma si lamulo, ndipo nyimbo yathuyi ikusonyeza chifukwa chake. "No Woman, No Cry" inatuluka koyamba mu 1974 m'chimbale cha Natty Dread, chimene chinajambulidwa ku Kingston, Jamaica. Kumeneko nyimboyi ndi ya mphindi pafupifupi zinayi, imayenda mofulumirirapo, ndipo pansi pake pamamveka kamakina koyimba ng'oma kakugunda mosasinthasintha. Ndi yopepuka, ya chimwemwe pang'ono. Mu Julaye 1975 Marley ndi gulu lake la The Wailers anayimba ku Lyceum mu mzinda wa London, ndipo zimene zinajambulidwa kumeneko zinatuluka m'chimbale cha Live! kumapeto kwa chaka chomwecho. Uko nyimboyi inatalika kupitirira mphindi 7. Inachepa liwiro. Ogani ya Tyrone Downie imayamba ngati ya m'tchalitchi, azimayi a I Threes akuyimba pang'onopang'ono, ndipo khamu la anthu limalowerera Marley asanatsegule n'komwe pakamwa. Ng'oma akuyimba ndi munthu, Carlton Barrett, ndipo gitala ya Al Anderson imapatsidwa mpata woti ilire payokha. Mawu a nyimbo ndi omwewo, koma amene mu 1974 ankamveka ngati kucheza kwa anthu okumbukira kwawo, mu 1975 akumveka ngati kutonthoza anamfedwa.

Imene dziko linaitenga ndi ya ku Lyceum. Ndiyo inatuluka payokha n'kukwera pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain, ndipo ndiyo inaikidwa m'chimbale cha Legend cha 1984, chimene chafikira anthu ambiri kuposa chimbale china chilichonse cha rege. Anthu ochuluka amene amaikonda nyimboyi sanaimvepo ya 1974, ndipo akaimva amaganiza kuti wina waiyimba mobera. Nanga pamenepa yeniyeni ndi iti? Imene inayamba, kapena imene inafikapo? Wina angatsutse kuti ya mu situdiyo ndiyo imene woyimba anaikonza mwadala, pamene laivi ndi mwayi wa usiku umodzi. Mfundoyi ili ndi mphamvu, koma ikuiwala kuti nyimbo imakula ikamayimbidwa. Gulu limene layimba nyimbo usiku ndi usiku pa ulendo limapeza liwiro loyenera, limadziwa pomwe anthu amapuma ndi pomwe amayankha. Kawirikawiri nyimbo imajambulidwa mu situdiyo idakali yanthete. Ine ndikuona kuti funso la yeniyeni silithandiza wosonkhanitsa. Lothandiza ndi ili: kodi makope awiriwa akundiuza zinthu zosiyana? Pa nyimbo iyi yankho ndi inde, ndipo onse awiri ayenera malo.

Ndingadziwe bwanji kuti laivi ndi yoyenera kusunga?

Muyeso wake ndi wosavuta kuunena: laivi iyenera kukhala ndi china chimene situdiyo ilibe. Chikhoza kukhala liwiro lina, kakonzedwe kena, gawo limene woyimba gitala watambasula, kapena mmene anthu akuyankhira mpaka kusanduka mbali ya nyimbo. Ngati gulu langobwereza za m'chimbale ndendende n'kuwonjezapo kuwomba m'manja, mwapeza nyimbo yomweyo yovala phokoso, ndipo pakatha mwezi simudzaidinanso. Chachiwiri ndi kumene mawuwo anachokera. Za ku Lyceum zinajambulidwa ndi situdiyo yoyenda pa lole ya gulu la Rolling Stones, chida chilichonse ndi maikolofoni yake, n'chifukwa chake besi ya Aston Barrett imamveka yolemera komanso yosiyana bwino ndi ng'oma. Zojambula za munthu amene anali m'khamu ndi kawailesi kapena foni zimadziwika msanga: woyimba amamveka kutali, amene ali pafupi ndi maikolofoni amakuwa kuposa gulu, ndipo besi imangokhala chiphokoso chopanda manotsi. Zoterezi zimakhala ndi phindu ngati umboni wa tsikulo, koma si zoti muziyike m'malo mwa chimbale. Tizolakwika tating'ono tokha tisakuthawitseni. M'nyimbo ya ku Lyceum muli pamene sipika imalira mokuwa kwa kamphindi chifukwa maikolofoni yagwira mawu ake omwe, ndipo palibe amene anasiya kuikonda pa chifukwa chimenecho.

Dziwaninso kuti mawu akuti laivi satsimikiza kuti zonse mukumvazo zinachitika pa siteji. Zimbale zina za laivi zinakonzedwanso mu situdiyo, woyimba n'kubwereza pamene anaphonya. Chitsanzo chodziwika ndi Live and Dangerous cha gulu la Thin Lizzy cha 1978: amene anachikonza, Tony Visconti, ananena kuti zambiri zinajambulidwanso mu situdiyo, pamene oyimba a m'gululo ankati zinali zochepa. Izi sizichititsa chimbale kukhala choipa. Zimangotanthauza kuti musachisunge monga umboni wa zimene zinachitika usikuwo.

Rimasita ndi yatsopano. Kodi sindiye kuti imamveka bwino kuposa yakale?

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama ndi malo. Rimasita ikhoza kukonza zinthu zenizeni. Ma CD ena oyambirira anapangidwa kuchokera ku kope la tepi, mwinanso kope la kope, osati tepi yoyamba, ndipo kukopera kulikonse kwa tepi kumawonjezera mpweya wa "sss" n'kufooketsa mawu a pamwamba. Katswiri akabwerera ku tepi yoyamba ndi makina abwino, amatha kutulutsa zimene zinabisika. Koma rimasita ikhozanso kuwononga, ndipo njira yake yodziwika ndi kufinya mawu. CD ili ndi denga, malire amene mawu sangapitirire. Kuti nyimbo imveke mokwera kuposa zina, amapsinja nsonga za mawu, monga kugunda kwa ng'oma, kenako n'kukweza zonse kufika pafupi ndi dengalo. Zotsatira zake n'zakuti pofatsa ndi pamphamvu zimayandikana. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani anapikisana pa zimenezi, ndipo chimbale cha Death Magnetic cha gulu la Metallica cha 2008 chinadandaulitsa ngakhale ochikonda chifukwa mawu ankamveka osweka.

Taganizani zimene kufinya kungachite ku nyimbo ya ku Lyceum. Mphamvu yake ili pa kukula: imayamba pansi, ogani ndi khamu, kenako ng'oma, kenako mawu a Marley, ndipo imakwera mpaka pamene gulu lonse ndi anthu akubwereza mzere umodzi pamodzi. Chiyambi chikakwezedwa kufanana ndi pachimake, palibenso pokwerera. Rege imavutika ndi zimenezi kuposa nyimbo zina chifukwa imakhala ndi mipata, ndipo kugunda kumodzi kwa ng'oma pakati pa mipatayo ndiko kumanyamula thupi la womvera. Tsono vuto ndi lakuti khutu limanyengeka. Mukamvetsera makope awiri a nyimbo imodzi, lokwera pang'ono limamveka ngati lili ndi besi yambiri komanso lowala, ngakhale kusiyana kuli pa voliyumu pokha. Ndiye chifukwa chake rimasita imapambana m'masekondi khumi oyamba nthawi zambiri, koma ikhoza kukutopetsani makutu chimbale chisanathe.

Sindikunena kuti zakale ndiye zabwino nthawi zonse. Zimbale za Marley za kampani ya Island zinatuluka pa CD mu 1990 zitakonzedwa ndi Barry Diament, n'kutulukanso mu 2001 zitakonzedwa ndi Ted Jensen, ndipo okonda nyimbo amatsutsanabe kuti abwino ndi ati. Akatswiri awiri odziwa ntchito anagwira nyimbo zomwezo n'kusankha mosiyana. Zimenezi zikuonetsa kuti liwu loti rimasita limangokuuzani kuti wina anagwiranso ntchitoyo. Silikuuzani kuti anaigwira bwino.

Nanga ndingayerekeze bwanji makope awiri popanda kunyengeka?

Chinsinsi chake ndi kulinganiza voliyumu musanamvetsere. Pa kompyuta, pulogalamu yaulere ya Audacity imakwanira. Tsegulani makope onse awiri pamodzi, lina pamwamba lina pansi, n'kuwakoka kuti ayambire pa kugunda kumodzi. Musanamvetsere, yang'anani chithunzi cha mawuwo. Kope limene silinafinyidwe limaoneka ngati mapiri ndi zigwa, chiyambi chochepa, pakati potukuka, nsonga za ng'oma zikutulukira ngati minga. Lofinyidwa limaoneka ngati njerwa, lodzaza kuyambira koyamba mpaka kumapeto, pamwamba posalala ngati podula ndi chikwanje. Kenako sankhani makope onse n'kugwiritsa ntchito `Loudness Normalization` ndi nambala imodzi, kuti onse amveke mokwera mofanana. Tsopano sankhani malo awiri okha, lililonse la masekondi 30: chiyambi chofatsa, ndi pamene gitala ya Al Anderson ikulira. Dinani `Solo` pa kope lina, kenako pa linalo, mobwerezabwereza. Mvetserani zinthu zitatu: ngati mukutha kutsatira manotsi a besi limodzilimodzi, ngati ng'oma ikugundadi kapena yangokhala phwatalala, ndiponso ngati mawu okhala ndi "s" akubaya m'khutu. Zimakhala bwino wina akamakudinirani inu osaona, chifukwa amene wagula kope lodula amafuna kuti lipambane.

Pali mfundo yotsutsa imene ndiyenera kuilandira: ambiri samvera nyimbo m'chipinda chachete. M'minibasi, pa sipika kakang'ono ka foni kapena pamsika, pofatsa pa nyimbo pamamira m'phokoso, ndipo kope lofinyidwa limamveka bwinoko. Izi n'zoona. Koma kufinya mukhoza kukuchita nthawi iliyonse kuchokera ku kope labwino, pamene nsonga zimene zinadulidwa simungazibwezere. Choncho chosunga chikhale chimene chili ndi zonse. Komanso mapulogalamu omvera nyimbo pa intaneti monga Spotify amatha kulinganiza okha kukwera kwa nyimbo, moti kope lofinyidwa limatsitsidwa n'kutaya mwayi wake wokhawo. Ngati mwayerekeza bwinobwino ndipo simukumva kusiyana, sungani limene muli nalo kale.

Rimasita, rimikisi ndi kuyimbanso: si chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo kusiyanitsa zitatuzi kumapulumutsa zambiri. Rimasita imagwira nyimbo yosakanizidwa kale, moti singachotse gitala kapena kusuntha woyimba. Rimikisi imabwerera ku matepi a chida chilichonse n'kusakaniza mwatsopano, ndipo pamenepo nyimbo ikhoza kusintha nkhope. Chimbale cha Catch a Fire cha 1973 chimaphunzitsa bwino mphamvu ya mikisi. The Wailers anajambula nyimbozo ku Jamaica, kenako ku London Chris Blackwell wa kampani ya Island anawonjezeramo gitala ya Wayne Perkins ndi makiyibodi a John Bundrick kuti zikope okonda roko. Mu 2001 kunatuluka kope la zimbale ziwiri lokhala ndi mtundu wa ku London ndi mtundu wa ku Jamaica wopanda zowonjezerazo. Mvetserani "Concrete Jungle" m'mitundu yonse iwiri: maziko ndi amodzi, koma ina ili ndi gitala yolira ya roko, ina ndi yosakongoletsa, yoyandikira kwawo. Awa ndi makope awiri oyenera kusunga, chifukwa muli nyimbo zosiyana. Kuyimbanso ndi nkhani inanso. "One Love" ya 1965 ndi sika yothamanga ya anyamata atatu ku Studio One, pamene ya m'chimbale cha Exodus cha 1977 ndi imene ambiri amaidziwa. "Sun Is Shining" ndi "Kaya" anaziyimba ndi Lee Perry kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, n'kudzaziyimbanso m'chimbale cha Kaya cha 1978. Dzina lofanana lisakupusitseni kufufuta imodzi poganiza kuti yabwerezedwa. Chizindikiro chofulumira ndi kutalika: rimasita imasiyana ndi yakale ndi masekondi ochepa, ndipo kusiyana kukafika theka la mphindi kapena kuposerapo, mwina ndi kuyimba kwina, mikisi ina, kapena nyimbo yodulidwa kuti ikwane pa wailesi.

Ndili ndi Legend. Kodi sindinamalize?

Mwamaliza theka. Legend ili ndi ya ku Lyceum, ilibe ya 1974. Onaninso kutalika, chifukwa pali makope a nyimbo ya laiviyi ofupikitsidwa kufika mphindi pafupifupi zinayi, ndipo chimene chimadulidwa ndi kukula kuja kumene kumaipatsa mphamvu. Yathunthu imapitirira mphindi 7. Palinso chifukwa china chofunira chimbale cha Live! chenichenicho: nyimbo ya laivi ili ndi zinzake za ku Lyceum komweko. Mu Live! imabwera pambuyo pa "Lively Up Yourself", womvera atatenthedwa kale, ndipo kufatsa kwake kumamveka chifukwa cha moto umene wangodutsa. Ikachotsedwa n'kuikidwa pakati pa nyimbo za mu situdiyo, khamu limangotulukira n'kuzimiririka. Nthawi zina chifukwa chogulira kope latsopano sichikhala mamvekedwe koma zowonjezera: Live! ya 2001 ili ndi "Kinky Reggae", ndipo Natty Dread ya chaka chomwecho ili ndi "Am-A-Do". Chimenecho ndi chifukwa chomveka, bola mudziwe kuti mukugula nyimbo yowonjezerayo.

Malo pa foni ndi ochepa. Kodi mtundu wa fayilo uli ndi gawo pa nkhaniyi?

Uli nalo, koma ndi funso lachitatu, ndipo lisasokonezedwe ndi awiri aja. Nyimbo ya pa CD yosapanikizidwa imadya pafupifupi 10 MB pa mphindi, moti ya ku Lyceum imapitirira 70 MB. Ikakhala FLAC imachepa kufika pafupifupi theka kapena kuposerapo pang'ono popanda kutaya kanthu. Ikakhala MP3 ya 320 kbps ndi pafupifupi 17 MB, ya 128 kbps pafupifupi 7 MB. Laivi ndiyo imavulala msanga fayilo ikachepetsedwa kwambiri, chifukwa kuwomba m'manja ndi phokoso la khamu n'zovuta kuzipanikiza: m'manja mumayamba kumveka ngati madzi akuwira. Ngati muyenera kusankha, patsani laivi fayilo yaikulu. Chenjeraninso ndi mayina a mafayilo ochokera kwa anzanu kapena kwa oika nyimbo pa makhadi kumsika. Aliyense akhoza kulemba `Remastered HD` pa fayilo imene anaitsitsa pa kanema wa pa intaneti n'kuikweza besi. Ndipo kusandutsa MP3 kukhala FLAC sikubweza chilichonse, kumangokulitsa fayilo.

Tsono pa nyimbo iyi, munthu asunge ziti ndipo azilembe bwanji?

Ziwiri: ya mu Natty Dread ya 1974, ndi ya ku Lyceum yathunthu, makamaka pamodzi ndi chimbale chake cha Live!. Pa iliyonse sungani kope limodzi, limene lapambana mutalinganiza voliyumu. Yodulidwa ya mphindi zinayi ichoke, pokhapokha ngati mumayimba pa wailesi kapena pa zisangalalo pomwe nthawi ndi yowerengeka. Marley anaiyimba nyimboyi m'makonsati ena ambiri ndipo ena anajambulidwa, koma lililonse lidutse pa muyeso uja wa chimene likuwonjezera. Polemba, musalole kuti chaka cha rimasita chilowe m'malo mwa chaka chojambulira, chifukwa mapulogalamu ambiri amatero, ndipo nyimbo ya 1975 imakaoneka ngati ya 2001. Lembani zonse ziwiri m'dzina la fayilo:

```
Bob Marley - No Woman, No Cry (Natty Dread 1974, CD 1990).flac
Bob Marley - No Woman, No Cry (Lyceum 1975, CD 2001).flac
```

Mukapeza kope lina, dzinalo likuuzani nthawi yomweyo kuti muliyerekeze ndi liti. Lakale musalifufute tsiku lomwelo. Liikeni m'foda ina kwa milungu ingapo, mumve chimbale chonse chatsopanocho kuyambira koyamba mpaka kumapeto pa masipika amene mumamverapo tsiku ndi tsiku, chifukwa kutopa kwa makutu kobwera ndi mawu ofinyidwa sikudziwika pa masekondi 30, kumadziwika pa nyimbo yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, pamene dzanja layamba lokha kufunafuna potsitsira voliyumu.